Kuwerenga katundu m'shedi: zonse pa tsiku limodzi kapena pang'ono m'mawa uliwonse?

Amene anagwirapo ntchito m'shedi ya holoselo ku Down Shops kapena cha ku msika wa Kapata m'Chipata muno akulidziwa tsiku ili. Zitseko zatsekedwa, pakhomo pamatidwa pepala lakuti lero sitigulitsa, anyamata akwera pamwamba pa matumba ndi choko m'manja. Dzuwa likamalowa manambala aphatikizidwa, ndipo papezeka kuti katundu wina kulibe. Abwana atembenukira wosunga makiyi nafunsa kuti, “Nanga makatoni a saladi awa anapita kuti?” Munthu uja angoti kukamwa yasa. Nthawi zambiri sikuti akubisa kanthu. Funsolo likufunsa za miyezi 12, za malole ambirimbiri amene anatsitsa katundu, za malisiti odzaza mabokosi, ndipo palibe mutu wa munthu umene ungasunge zonsezo.

Ndagwira ntchito yowerenga katundu zaka zambiri, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti anthu okhulupirika amachotsedwa ntchito pa tsiku ngati limeneli, pamene dzenje lenileni limene katundu akutulukira likhala losatsekedwa. Kuwerenga katundu yense pa tsiku limodzi kumakuuzani kukula kwa chimene mwataya. Njira imene chinatayikira simungaipeze, chifukwa mapazi ake anafufutika kalekale. Kuti muwapeze akadali aawisi mufunika njira ina, imene m'mabuku a bizinesi amati saikolo kaunti. Ine ndimaitcha kuwerenga kwa kasinthasintha, monga mmene mlimi amachitira ndi munda wake: chaka chino chimanga apa, chamawa nshawa, mpaka munda wonse wazunguliridwa. M'shedi ndiye kuti lero muwerenga mitundu yochepa ya katundu, mawa ina, osatseka bizinesi, mpaka mtundu uliwonse wafikiridwa, kenako muyambiranso.

Njira ziwirizi sizilimbana ayi. Iliyonse ili ndi ntchito yake, ndipo shedi yaing'ono imafuna zonse ziwiri pa nthawi zosiyana. Kuti zimveke, tiyeni tiyerekeze shedi imodzi ndi kuitsata mpaka kumapeto. Manambala onse amene ndipereke pa shediyi ndi ongoyerekeza.

Shedi ya mitundu 240

Tinene kuti shedi yathu ili m'Chipata momwemuno. Imagulitsa unga wa matumba a makilo 25, shuga wa m'mabelo, saladi, sopo, mchere, machesi, makandulo ndi tina tambiri, ndipo nyengo ya dzinja ikayandikira imabweretsanso feteleza ndi mbewu. Makasitomala ake ndi eni timashopu a ku Chadiza, ku Katete, ku Vubwi, ndi ena ochokera ku Mchinji odzera pa Mwami. Mitundu ya katundu ilipo 240. Ndikati mtundu ndikutanthauza chinthu chimene chili ndi khadi lakelake: saladi wa mamililita 750 ndi mtundu wina, wa malita 2 ndi wina, ndipo wa kampani ina, ngakhale botolo likhale lofanana, ndi mtundu winanso.

Khadi limenelo ndilo mtima wa nkhani yonse. Kaya ndi pepala lolimba lopachikidwa pa shelefu, kaya ndi tsamba la m'buku lalikulu, kaya ndi mzere wa pa kompyuta, limanena zinthu zitatu: zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zimene zatsala. Kuwerenga kwa kasinthasintha ndi kufananitsa chimene maso aona ndi chimene khadi likunena. Choncho shedi imene ilibe makhadi, kapena imene makhadi ake amalembedwa Loweruka lokha munthu akapeza mpata, singayambe njira imeneyi. Mudzawerenga matumba 63 a unga, koma 63 ameneyo mudzamufananitsa ndi chiyani? Shedi yotere iyambe ndi kuwerenga katundu yense, itsegule makhadi atsopano ndi manambala oona, kenako iphunzire kulemba chilichonse tsiku lomwelo. Kasinthasintha amabwera pambuyo pa zimenezi.

Mitundu 240 ija siilingana. Mukatenga mtundu uliwonse n'kuchulukitsa kuchuluka kwa zimene munagulitsa chaka chatha ndi mtengo umene munagulira, kenako n'kuindandalika kuyambira wa ndalama zambiri, mudzaona kuti mitundu yochepa ya pamwamba ndiyo yanyamula pafupifupi ndalama zonse za bizinesi. Feteleza, saladi, shuga, unga, mbewu. Pansi padzakhala mndandanda wautali wa mapini, zingwe za nsapato ndi timabotolo ta mankhwala opaka. Kugawa kumeneku amakutcha A, B, C. M'shedi yathu tinene kuti gulu A lili ndi mitundu 30, gulu B mitundu 70, gulu C mitundu 140.

Ndalama zokha sizikwanira pogawa. Mabatire ndi zitsulo za lezala sizingafike pamwamba pa mndandanda, koma zimalowa m'thumba la buluku mosavuta ndipo zimagulika pa msewu tsiku lomwelo. Zoterezi ndimazikweza n'kuziika m'gulu A. Chimodzimodzinso katundu amene amatha mphamvu msanga, ndi mtundu uliwonse umene wakhala ukuvuta m'mbuyomu.

Tsopano masamu ake. Gulu A liwerengedwe sabata iliyonse: mitundu 30 pa masiku 6 ogwira ntchito ndi mitundu 5 pa tsiku. Gulu B liwerengedwe kamodzi pa mwezi: mitundu 3 pa tsiku kwa masiku 24 ikukwana 72, yopitirira pang'ono 70 ija. Gulu C liwerengedwe kamodzi pa miyezi 3: mitundu 2 pa tsiku kwa masiku 72 ikukwana 144. Zonse pamodzi ndi mitundu 10 pa tsiku. Ngati shedi ndi yokonzedwa bwino, anthu awiri amatha zimenezi ola lisanakwane, m'mawa zitseko zisanatsegulidwe. Pakutha chaka saladi wawerengedwa maulendo pafupifupi 50, machesi maulendo 4, ndipo simunatseke ngakhale tsiku limodzi.

Makatoni 12 amene anasowa Lachiwiri

Phindu la njirayi limaonekera pamene manambala akana kugwirizana, choncho tiyeni tikhalitse apa. Lachiwiri lapitalo saladi wa mamililita 750 anawerengedwa, panapezeka makatoni 140, ndipo khadi linavomera. M'kati mwa sabata khadi likuonetsa kuti analowa makatoni 100 ndipo anatuluka 155. Ndiye kuti payenera kutsala 85. Lero m'mawa owerenga apeza 73. Asowa 12. Ngati katoni imodzi inagulidwa K400, ndalama zimene zili pa ngozi ndi K4,800.

Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita pano ndi kufufuta 85 n'kulemba 73, basi nkhani yatha. Akatero khadi lakhala loona kwa tsiku limodzi, koma chimene chinalisokoneza chidzabweranso sabata yamawa. Cholakwa chachiwiri ndi kuyamba kukalipa. Choyenera kuchita ndi kuwerenganso, ndipo awerenge munthu wina amene sanauzidwe nambala yoyamba, ayende shedi yonse osati pa malo a saladi pokha. Pa kuyenda kumeneku apeza makatoni 4 ali pafupi ndi khomo, pamodzi ndi shuga ndi sopo. Anawatulutsa dzulo madzulo kukonzera kasitomala wa ku Chadiza amene galimoto yake ibwera lero, ndipo invoisi sinalembedwe. Popeza khadi silinawachotse, akadali athu ndipo ayenera kuwerengedwa. Tafika pa 77. Otsala osowa ndi 8.

Kenako tipite ku mapepala olandirira katundu. Ndi sabata imodzi yokha, ndiye lole imene inabweretsa saladi ndi imodzi, ndipo aliyense akuikumbukira. Invoisi ya kampani ikunena makatoni 100. Koma pa pepala limene dalaivala anasainitsa potsitsa pali mawu a cholembera akuti makatoni 5 anali odontha ndipo anabwerera pa lole yomweyo. Kalaliki analemba khadi poyang'ana invoisi, osati pepala lotsitsira. Ndiye kuti analowa 95, ndipo khadi linayenera kunena 80. Otsala osowa ndi 3. Taonani chimene chapulumuka apa: makatoni 5 aja ndi K2,000 imene tikanalipira kampani pa katundu amene sitinalandire. Lero tingathe kuimba foni, pepala lili m'manja, dalaivala akukumbukira, ndipo adzatichotsera pa ngongole. Tikanazipeza mu Disembala, ndani akanatimvera?

Atatu otsalawo tiwafunefune kwa anansi a mtunduwu. Saladi wa kampani ina, wa botolo lofanana, amene amakhala pa paleti yoyandikana, tikamuwerenga tipeza kuti wachuluka ndi makatoni 2. Apa nkhani yadziulula yokha: kasitomala analipira mtundu uwo, wonyamula anamupatsa uwu. Katundu sanabedwe, koma makhadi awiri asokonekera, ndipo ngati mitengo yake ndi yosiyana pali kangachepe kamene tataya kapena tamudyera kasitomala. Mankhwala ake ndi kutalikitsa mapaleti awiriwo ndi kulemba dzina lalikulu pa khoma.

Yatsala katoni imodzi. Tayang'ana paliponse, kulibe. Imeneyi ndiyo shoti yeniyeni, K400. Ilembedwe pa khadi ngati yosowa, ndi tsiku lake, asaine wosunga katundu ndi abwana. Ikasowanso ina sabata yamawa ndi inzake, mudzadziwa kuti pali dzanja, ndipo mudzadziwa masiku ake, amene anali pa ntchito, ndi magalimoto amene anapakira. Pa makatoni 12 aja, 11 anali nkhani ya mapepala ndi kaikidwe ka katundu. Pa zimene ndaona ine, kawirikawiri zimakhala choncho: wakuba alipo ndithu, koma amabisala m'chipwirikiti cha zolakwa zazing'onozing'ono, ndipo simungamuone mpaka mutasesa chipwirikiticho.

Pali chinthu china chimene chimabala shoti yabodza kwathu kuno, ndicho kuzima kwa magetsi. Kompyuta ikazima anthu amagulitsa ndi malisiti a pamanja, n'cholinga chowalowetsa magetsi akabwera. Mukawerenga m'mawa malisiti a dzulo asanalowe, katundu aliyense adzaoneka wosowa. Choncho musanagwire katoni iliyonse funsani kaye ngati mapepala onse a dzulo alowa, ndipo pamwamba pa pepala lowerengera lembani nambala ya invoisi yomaliza ndi ya pepala lolandirira lomaliza. Mzere umenewu, wolekanitsa zimene zachitika kale ndi zimene zichitike mukatha kuwerenga, ndiwo umagwetsa anthu ambiri pa njira zonse ziwiri.

Zimene zimapha kasinthasintha

Wowerenga asaone nambala ya pa khadi asanawerenge. Munthu akadziwa kuti payenera kukhala 85, maso ake amapeza 85. Mupatseni pepala la mayina a katundu ndi malo ake, mpata wa nambala uli wopanda kanthu. Ndipo wosunga makiyi asawerenge yekha. Sindikunena kuti ndi wakuba. Ndikunena kuti munthu wachiwiri amateteza iye yemwe, chifukwa tsiku la mlandu padzakhala mboni yakuti Lachiwiri lakutilakuti katundu anali wokwanira. M'shedi ya anthu anayi, wachiwiriyo angakhale wa pa kauntala kapena mwini wake. Tsiku la mtundu uliwonse lizisinthasinthanso. Ngati aliyense akudziwa kuti shuga amawerengedwa Lachinayi, belo lingathe kubwerekedwa Lachisanu n'kubwezedwa Lachitatu.

Matumba ali ndi nkhani yawoyawo. Feteleza wa makilo 50 akasanjidwa matumba 5 pa mzere uliwonse wogona, mizere 10 kukwera m'mwamba, mulu umodzi ndi matumba 50, ndipo kuwerenga kumangotenga kamphindi. Koma mulu waukulu wosanjidwa molumikizana ungakhale ndi mphako pakati, kunja uli bwinobwino. Wina akwere pamwamba aone. Ndiponso thumba lingakhalepo koma litachepetsedwa: kabowo pa msoko, makilo 2 apa, 3 apo. Pa kuwerenga kulikonse tengani matumba angapo mosasankha muwaike pa sikelo. Amene amagula nshawa, soya kapena chimanga kwa alimi mu Meyi ndi Juni adziwenso kuti mbewu yogulidwa isanaumitsitse imapepuka ili m'shedi. Nchifukwa chake a FRA, bungwe la boma logula chimanga kwa alimi, amadikira kuti chinyezi cha chimanga chitsike kufika pa 12.5 peresenti asanayambe kugula. Matumba adzakwana, makilo adzachepa, popanda amene waba. Khadi la katundu wotere lizisunga zonse ziwiri, matumba ndi makilo.

Koma chimene chimapha njirayi koposa ndi kutopa. Imayamba bwino mu Epulo, ifika Novembala, alimi adzaza pakhomo kufuna mbewu ndi feteleza wokulitsa, ndipo wina anena kuti tiyambiranso zinthu zikadekha. Nyengo imeneyo ndi imene katundu wa ndalama zambiri amayenda mofulumira, ndiye ndi imenenso zolakwa zimachuluka. Ngati nthawi yachepa, siyani gulu B ndi C kwa masabata angapo, koma mitundu 5 ya gulu A isadumphidwe.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Loweruka lililonse onani mitundu imene inagwirizana ndi khadi pa kuwerenga koyamba. Ngati munawerenga 60 ndipo 51 inagwirizana, muli pa 85 peresenti. Nambala imeneyi izikwera mwezi ndi mwezi. Ikaima malo amodzi, ndiye kuti mukungokonza makhadi osakonza chimene chikuwasokoneza. Musadzinyengenso pophatikiza ndalama za zochuluka ndi za zosowa. Shuga atasowa wa K3,000, sopo n'kuchuluka wa K2,800, wina anganene kuti tataya K200 yokha. Zoona zake n'zakuti makhadi awiri ndi olakwika, ndipo katundu wochuluka ndi chizindikiro choipa mofanana ndi wosowa: mwina pali kasitomala amene sanalandire zake, mwina pali lole imene sinalembedwe ndipo invoisi yake ikubwera.

Pamene kuwerenga konse sikungapewedwe

Kasinthasintha ali ndi khungu lake. Amayambira pa mndandanda n'kupita pa shelefu, ndiye chinthu chimene palibe pa mndandanda sachiona. Mabokosi a sopo amene anakankhidwira kuseri kwa mapaleti zaka ziwiri zapitazo, mbewu yotsala ya chaka chatha, simenti imene inauma chifukwa denga linadontha, zonsezi zimatulukira pokhapokha anthu akayamba pa ngodya imodzi ya shedi n'kugwira chilichonse mpaka ngodya ina. Ndiponso kasinthasintha sakupatsani chithunzi cha shedi yonse pa ola limodzi. Pali nthawi zimene chithunzi chimenecho n'chimene chikufunika.

Yoyamba ndi kutha kwa chaka cha mabuku. Kuno ku Zambia chaka cha msonkho cha ZRA chimatha pa 31 Disembala, ndipo mabizinesi ambiri amatsekera mabuku awo tsiku lomwelo. Mtengo wa katundu amene munagulitsa umapezeka potenga katundu woyamba naye chaka, kuphatikiza amene munagula, kuchotsa wotsala. Mukakweza wotsalayo molakwika ndi K50,000, phindu lanu la pa pepala lakweranso ndi K50,000 imene kulibe. Kampani imene mabuku ake amayang'anidwa ndi maodita idziwe kuti iwo amafuna kudzaonerera kuwerengako ndi maso awo ngati katundu ndi wa ndalama zambiri. Angathe kuvomera kudalira makhadi ndi kasinthasintha ngati mapepala a chaka chonse akuonetsa kuti mtundu uliwonse unawerengedwa ndipo zosiyana zinafufuzidwa, koma zimenezo muzikambirane nawo chaka chisanathe, osaganiza nokha.

Yachiwiri, imene ndimaiumirira kwambiri, ndi pamene makiyi akusintha manja. Wosunga katundu akamachoka, kapena akamapita ku tchuthi chachitali, wotuluka ndi wolowa awerenge zonse ali limodzi, asaine pepala limodzi. Ndinaonapo mtsikana wina amene analandira makiyi Lolemba popanda kuwerenga, chifukwa abwana anati nthawi palibe. Patatha miyezi inayi anadulidwa malipiro pa shoti imene palibe akanatha kunena ngati inayamba iye asanabwere kapena atabwera. Tsiku limodzi lotseka likanamuteteza, likanatetezanso amene anachokayo.

Nthawi zina n'zodziwikiratu: akuba akathyola, moto ukagwa kapena mvula ikalowa, pakuti apolisi ndi a inshuwalansi adzafuna mndandanda wathunthu, pamene mukusamukira m'shedi ina kapena kuyamba pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta, pamene eni bizinesi akugawana kapena mwini wake wamwalira ndipo achibale akufuna kudziwa chimene chasiyidwa. Ndiponso ngati kasinthasintha akuonetsa kuti pafupifupi theka la makhadi ndi olakwika, lekani kuzigamba chimodzichimodzi. Tsekani, werengani zonse, muyambe pa maziko atsopano.

Pali shedi zina zimene sizifunika n'komwe kugawa A, B, C. Depoti imene imasunga mitundu 15 kapena 20 yokha, monga feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, ingathe kuwerenga zonse Loweruka lililonse masana m'maola awiri. Kumeneko kuwerenga konse ndi kasinthasintha zasanduka chinthu chimodzi. Muyeso wanga ndi uwu: ngati anthu awiri angathe kumaliza shedi yonse asanatope, werengani zonse pafupipafupi. Ngati kumaliza kukufuna kutseka bizinesi ndi kuitana anthu owonjezera, kasinthasintha ayambe kugwira ntchito.

Tsiku lotseka likhale laphindu

Kuwerenga konse kumalephera kapena kupambana dzulo lake. Katundu wa mtundu umodzi asonkhanitsidwe malo amodzi, milu isanjidwe mofanana, makatoni otsegulidwa aikidwe patsogolo. Woonongeka ndi wotha masiku apatulidwe, chifukwa adzawerengedwa payekha ndipo sangalembedwe pa mtengo wa katundu wabwino. Lamulo la mabuku n'lakuti katundu amalembedwa pa mtengo umene munagulira, kapena pa umene mungapeze pomugulitsa ngati umenewo ndi wotsika. Thumba la simenti louma ndi thumba ndithu powerenga, koma pa ndalama si kanthu.

Samalani ndi katundu amene ali m'shedi koma si wanu. Alimi ambiri akagulitsa mbewu zawo mu Julayi ndi Ogasiti amalipiriratu feteleza n'kumusiya kuti adzatenge mvula ikayandikira. Matumba amenewo anachoka kale pa khadi. Akasakanikirana ndi anu, mudzakondwa kuti feteleza wachuluka, ndipo choipa kwambiri, shoti yeniyeni idzabisala m'matumba a eni ake mpaka tsiku limene adzabwere ndi ngolo. Akhale pa mulu wawo, ndi dzina ndi nambala ya lisiti. Mbali inayo, pali katundu wanu amene sali m'shedi: lole imene yanyamuka ku Lusaka, makilomita oposa 500, ndipo ikugona ku Nyimba kapena ku Petauke usiku wa kuwerenga. Ngati invoisi yake yalowa kale m'mabuku, ilembedwe payokha ngati katundu wa pa njira, apo ayi mudzasaka matumba amene sanafike.

Pa tsikulo, shedi yathu ya mitundu 240 igawidwe zigawo zitatu, chilichonse anthu awiri, wina wowerenga wina wolemba. Agawane malo, osati mitundu, ndipo ayende kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamwamba mpaka pansi, akuika chizindikiro cha choko pa mulu uliwonse umene watha. Mapepala owerengera akhale ndi manambala, kuti madzulo mudziwe ngati lina lasowa, ndipo alembedwe ndi cholembera cha inki. Muyeso ulembedwe momveka. Wina akalemba 40 pa shuga osanena ngati ndi mabelo kapena mapaketi, mudzataya ola lathunthu mukukangana. Gulu A liwerengedwe kawiri ndi magulu osiyana, makamaka m'mawa, chifukwa ikamakwana 15 koloko anthu atopa ndipo ayamba kuyerekeza ndi maso. Ichi n'chofooka chachikulu cha kuwerenga konse: khadi limene linali loona lingathe kuipitsidwa ndi nambala ya munthu wotopa. Nchifukwa chake palibe khadi loyenera kusinthidwa lisanawerengedwenso.

Za tsiku lenileni, Disembala ndi mwezi woipa kwa wogulitsa zaulimi ku chigawo chino. Shedi yadzaza, feteleza wobereketsa akutuluka ngati madzi, ndipo kutseka tsiku limodzi n'kutaya makasitomala. Ngati mabuku akukakamizani, werengani pa 31 madzulo ndi pa 1 Januwale, limene ndi tchuthi kale. Koma kuwerenga kwanu kwenikweni, koyeretsa shedi ndi kutulutsa zobisika, kuikeni pamene katundu wachepetsetsa: kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, feteleza atatha, mbewu za alimi zisanayambe kulowa. Pamenepo pansi pamaoneka, mapaleti amasunthika, ndipo ntchito ya tsiku lonse imatha isanakwane nthawi ya nsima.

Nzeru yomweyo imathandizanso pa kasinthasintha. Mtundu uliwonse umene watsala pang'ono kutha, uwerengeni tsiku limenelo ngakhale si tsiku lake, musanaitanitse wina. Kuwerenga mabelo 6 a shuga kumatenga mphindi imodzi ndipo simungalakwitse. Khadi likanena 9 pamene pansi pali 6, mwazigwira lole ya mabelo 200 isanatsitse pamwamba pake.